Musanafufute Facebook kapena Google, yambani mwamasula mapulogalamu ndi magemu

Uthengawu ndi wochokera kwa ife okonza mafoni kuno ku Limbe, kwa inu amene mwaganiza zofufuta Facebook yakale, kaya chifukwa anthu anakuberanipo, kaya mwangotopa nayo. Tsiku limene munadina `Continue with Facebook` pa TikTok, Spotify kapena 8 Ball Pool, simunapange pasiwedi ya kumeneko. Pulogalamuyo imakudziwani ndi nambala yobisika imene Facebook inaipatsa, osati dzina lanu kapena chithunzi chanu. Akaunti ikafufutika, nambalayo imapita nayo. Ngakhale mutsegule Facebook ina ya dzina lomwelo pa simu khadi yomweyo, gemu idzakulandirani ngati mlendo, ndipo makoini amene munagula ndi ndalama zanu adzatsalira ku akaunti imene simungalowenso.

Choncho ntchitoyi ili ndi ndondomeko yake. Muyambe mwatsegula njira ina yolowera pa pulogalamu iliyonse, muiyese, kenako mumasule, ndipo kufufuta kubwere pomaliza. Mukayamba ndi kumasula, mukhoza kudzitsekera panja akaunti isanafufutidwe n'komwe.

Mu Facebook, mndandanda wa zonse zolumikizidwa uli pa `Settings & privacy`, `Settings`, kenako `Apps and websites`. Mayina a timabatani amasinthasintha, ndipo pa Facebook Lite zina zimabisala, ndiye ngati mukusochera tsegulani Chrome mulembe keyala iyi. Yachiwiriyo ndi ya Google.

```
facebook.com/settings?tab=applications
myaccount.google.com/connections
```

Tengani cholembera mulembe mayina onse papepala. Musadumphe amene alembedwa kuti `Expired`. Facebook imaimitsa pulogalamu kuti isatengenso zambiri zanu mukatha masiku 90 osaigwiritsa ntchito, koma akaunti yanu ya kumeneko imakhala ilipobe ndipo khomo lake likadali Facebook yomweyo. Pa dzina lililonse dzifunseni ngati muli nalo ntchito. Timasewero toyerekeza nkhope yanu mukadzakalamba tija mungotichotsa osaganiza kawiri. Nthawi yanu ithere pa atatu kapena anayi amene muli ndalama, mavidiyo kapena makasitomala.

Pa TikTok, lowani mu `Settings and privacy`, `Account`, muikepo nambala ya foni kapena imelo, ndiponso pasiwedi. Pa Spotify ndi ena ambiri amene alibe poikira pasiwedi yatsopano, tulukani mupemphe ngati munthu amene waiwala pasiwedi, ndipo akutumizirani uthenga ku imelo imene anaitenga ku Facebook tsiku lolembetsa lija. Apa ndi pamene pamagona vuto kwa anthu ambiri a kuno. Facebook yambiri inatsegulidwa ndi nambala ya TNM kapena Airtel yokha, popanda imelo, kapena ndi imelo imene mnzanu anakupangirani mu kafe ya intaneti zaka zapitazo ndipo simunailowepo chiyambire. Uthenga wa pasiwedi upita kumene simungauwerenge. Muli m'kati mwa pulogalamuyo, onani imelo imene yalembedwa. Ngati si imene mumatsegula panopa, isintheni Facebook ikadali yamoyo. Ikakana, lemberani eni pulogalamu muli m'katimo, chifukwa pamenepo ndi pamene angakukhulupirireni kuti ndinu mwini wake. Nambala ya foni nayo ikhale ya simu khadi imene ili m'manja mwanu. Nambala ikakhala nthawi yaitali osagwira ntchito kampani imatha kuipereka kwa wina, ndipo makodi anu azilandira iyeyo.

Magemu akuluakulu ali ndi akaunti zawozawo, ndipo n'zimene muyenera kudalira: `KONAMI ID` pa eFootball, `Supercell ID` pa Clash of Clans, akaunti ya King pa Candy Crush, ya Activision pa Call of Duty: Mobile. Lumikizani muli m'kati mwa gemu imene ili ndi zinthu zanu, ndipo gwiritsani ntchito imelo imene sinalembetsepo gemu imeneyo. Imeloyo ikakhala ndi akaunti kale, gemu imakana, kapena imakufunsani kuti isunge iti mwa ziwirizo. Werengani bwino levo ndi dzina zimene zaonetsedwa musanadine, poti mukasankha yopanda kanthu, yakale ija ikhoza kukwiririka. Magemu ena, monga PUBG Mobile, salola kumasula akaunti pomwepo, amakudikiritsani masiku angapo, choncho musayambe zimenezi madzulo a tsiku limene mukufuna kufufuta. Jambulani sikirini yoonetsa nambala yanu ya wosewera, ndipo musunge malisiti a Google Play a zimene munagulapo. Zinthu zikasokonekera, umboni umene eni gemu amafunsa ndi umenewo.

Kuyesa kwake n'kotere. Tulukani mu pulogalamuyo, kapena bwerekani foni ya m'bale wanu, mulowe ndi imelo ndi pasiwedi yatsopano osakhudza batani la Facebook. Mukapeza zinthu zanu zonse zilipo, chongani dzinalo papepala paja, ndipo pa foni yobwerekayo mutuluke musanaibweze. Kungotsegula gemu pa Tecno yanu n'kuona ikuyenda si umboni ayi, chifukwa foni imasunga chilolezo chakale kwa kanthawi, ndipo vuto limadzaonekera tsiku losintha foni.

Tsopano mukhoza kubwerera pa `Apps and websites` n'kudina `Remove` pa lililonse. Pamatuluka kabokosi kofunsa ngati zimene pulogalamuyo inalemba pa tsamba lanu zifufutidwe, ndi kena kolola Facebook kuidziwitsa kuti mwaimasula. Dziwani kuti `Remove` amangotseka mpopi. Dzina, imelo ndi chithunzi zimene kampaniyo inatenga kale zimakhalabe kwa iwo. Ngati pulogalamuyo simukuifunanso, lowanimo mufufute akaunti yake kaye, kenako ndiye mumasule. Mukasemphanitsa, zambiri zanu zikhoza kutsala kumeneko popanda njira yolowera kukazichotsa.

Amene muli ndi tsamba la bizinesi, kaya la kaunjika kaya la makeke, onaninso `Business integrations`, ndipo mupatse munthu wodalirika ulamuliro wonse wa tsambalo, chifukwa tsamba limene woyang'anira wake ndinu nokha limafufutika limodzi ndi akaunti. Instagram ikhale ndi pasiwedi yakeyake musanaichotse mu `Accounts Centre`. WhatsApp musade nayo nkhawa, imayendera nambala ya foni. Messenger ndi mauthenga ake ndiye zimapita.

Ngati mukufufuta ndi Google, njira ndi yomweyi, koma samalani ziwiri. Imelo yatsopano imene mukuika m'mapulogalamu isakhale Gmail imene mukufufutayo. Komanso magemu ambiri a pa Android amasunga pamene mwafika kudzera mu Google Play Games, ndipo zimene munagula pa Play Store zimamangiriridwa ku akauntiyo. Zolipira mwezi ndi mwezi ziletseni mu Play Store pa `Payments & subscriptions`, poti kuchotsa pulogalamu pa foni sikuletsa kulipira. Zimene mumalipira mwachindunji ku kampani ndi khadi la kubanki muziletse ku kampaniko mukadali wotha kulowa, apo ayi khadi lizidulidwabe.

Ife timalangiza kuti mukamasula zonse mudikire sabata imodzi musanafufute, kuti chimene munaiwala chidzionetse chokha. Kenako mu Facebook pitani pa `Accounts Centre`, `Personal details`, `Account ownership and control`, `Deactivation or deletion`. Facebook imapereka masiku 30 oti musinthe maganizo. Mukapeza gemu imene yakutsekerani m'masiku amenewa, lowani mu Facebook, dinani `Cancel deletion`, konzani gemuyo, kenako mupemphenso kufufuta ndipo masiku 30 ayambiranso kuwerengedwa. Akadutsa masiku amenewo, ngakhale mutabweretsa foni kuno, palibe chimene tingatsegule.