Manja a Agogo Anaphiri pa Lichero

Pa chithunzi ichi nkhope yanu palibe, agogo.
Nditakweza foni mudaweramitsa mutu,
mudati nkhalamba saijambula isanasambe ndi kumanga duku labwino,
ndipo ine, posafuna kubwerera ku Lilongwe chimanjamanja,
ndidatsitsa foniyo n'kujambula chimene mudandilola:
manja awiri pamwamba pa lichero,
kansonga ka chitenje chofwifwa pa bondo,
ndi mulu wa makoko m'mphepete mwa mphasa.
Udali mwezi wa Julaye, chaka cha 2016,
pa khonde lanu lozira bwino, kumudzi kwathu kufupi ndi Kamwendo,
mphepo yachisanu ikuulutsa fumbi la m'minda imene adali atakolola kale.

Kwa zaka zingapo ndinkachiyesa chithunzi cholakwika.
Pa maliro anu abale ankafuna nkhope yoti aiike pa bokosi,
ndipo ndidachita manyazi kuti ine wafoni ndidalibe choti ndipereke.
Lero ndachitsukitsa, ndachipachika pamwamba pa tebulo lodyera,
chifukwa ndaona kuti kuyambira ndili wakhanda
ndinkakudziwirani m'manja amenewa.

Ndikayang'ana dzanja lamanja ndimayambira pa chala chachikulu.
Chikhadabo chake n'chokhuthala, chong'aluka pang'ono kumbali,
ndipo pansi pake pali kamzere ka dothi lofiira la ku Mchinji
kamene sopo wa mtundu uliwonse adalephera kukachotsa.
Khungu la pansonga lidauma ngati chikopa cha ng'oma,
pakuti apo ndi pamene mlomo wa khoko unkagunda
kambirimbiri pa tsiku, chilimwe ndi chilimwe,
kuchokera muli mtsikana mpaka tsitsi lonse litachita mbuu.
Mfundo za zala zidatupa, chala chakumapeto chidapindika osawongokanso,
mitsempha yatukuka kuseri kwa chikhatho
monga mizere ya m'munda imene mvula ya Febuluwale yaikokolola koma osaigwetsa.
Pamkono pali mphini zitatu zimene adakutemani muli mwana,
ndi chipsera cha phale limene mudaligwira ndi manja
tsiku limene mng'ono wanga adakwawira ku moto.

Pakati pa chala chachikulu ndi cholozera pali mtedza umodzi.
Khoko layasama pang'ono, njere ziwiri zikusuzumira,
ndipo pamenepo ndi pamene foni idaimitsa nthawi.
Mtedza umenewo sunagwere m'lichero mpaka lero.

Chithunzi sichilankhula, koma ine ndimamva phokoso lake.
Ndimamva khoko likuti phwa, njere zikugogoda pa nsungwi,
dzanja lamanzere likutola wina lamanja lisanamalize,
nkhuku zikuzungulira mphasa, inu mukuziingitsa ndi chigongono
osasiya ntchito, osadula nkhani imene munkakamba.
Maso anu adali atachita kale chifunga,
koma zala zinkaona zimene maso ankaphonya.
Zinkadziwa khoko lopepuka lopanda kanthu lisanasweke,
zinkazindikira njere yonyala, yoboola chiswe, yogwidwa chuku,
n'kuiponya payokha m'kachitini kadzimbiri.
Amayi ena ankawaza madzi pa mtedza kuti makoko afewe, zala zipume,
koma inu munkakana, munkati mtedza wonyowa umabereka chuku,
ndipo chuku chikalowa m'nsinjiro chalowa m'mimba mwa mwana.
Alangizi atabwera kudzanena zomwezo pansi pa mtengo wa kwa amfumu,
mudangomvetsera mwaulemu, manja ali pamiyendo,
manja omwewo amene adasankha kale kupweteka kwa khoko louma.

M'lichero la pa chithunzichi muli Chalimbana,
wanjere zikuluzikulu, wakhungu lotuwira,
mtedza umene amayi anu adakusiyirani pamodzi ndi munda wa kudambo.
CG7 wofiira uja atafika m'midzi mudampatsa mizere yake,
mudavomera kuti amabereka ndiponso ali ndi mafuta,
koma munkati wogulitsa ndi wina, wotendera nkhwani ndi wina.
Chalimbana munkamukazinga pa phale ndi kamchere,
munkamusinja mu mtondo mpaka asanduke chiponde,
munkamusefa kuti nsinjiro zake zilowe m'phala lathu la m'mawa,
m'futali wa mbatata, mu mpiru ndi m'mfutso wa m'chilimwe.
Nyama tinkaiona pa Khrisimasi ndi pa ukwati,
koma palibe mdzukulu wanu amene adatupa masaya kapena kufiira tsitsi,
ndipo ndikafunsa chimene chidatisunga
yankho lake ndi zala khumi zili pakhoma langali.

Mudandiphunzitsa ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri
kuti mtedza ndi mbewu yamanyazi.
Duwa lake lachikasu likafota limaweramira pansi,
limalasa nthaka n'kukabisa mwana wake mumdima,
choncho nthawi imeneyo khasu sililowa m'munda,
udzu amazula ndi manja, mogwada, mzere ndi mzere.
Ndimakumbukira mawuwo ndikaganiza za mutu wanu wowerama uja,
umene udathawa foni n'kusiya ntchito yokha poyera.

Chisanafike pa lichero chinthu ichi chidayenda ulendo wautali m'manja mwanu.
Mudabzala ndi mvula yoyamba, mothinana, kuopa kadukutu;
mudakumba mu Meyi nthaka itayamba kulimba;
mudaumitsa, mudathothola, mudasenza pamutu m'dengu;
ndipo kuswa, ntchito imene alendo amaiyesa yopumulira,
kunkadya masabata athunthu, mpaka zala kuchita matuza ndi kuphulika.
Amayi anga amanena kuti isanafike 1994, pulayimale ikadali yolipira,
fizi yawo inkachokera m'lichero longa ili.
Munkanyamuka mbandakucha kupita ku msika wa Adimaki,
n'kubwerako ndi ndalama zomanga pa mfundo ya chitenje,
mchere, sopo, ndi makope awiri.
Inu amene simudagwirepo cholembera,
amene pa chisankho munkadinda ndi chala chomwechi,
mudalembetsa ana anayi sukulu ndi chala chachikulu chimodzi.

Koma chimene ndimaima nacho nthawi yaitali
ndi kambale kadothi kali kumanzere, theka lake kunja kwa chithunzi.
M'menemo munkaika njere zonenepa, zosasupuka khungu,
zoti muone ngati mbewu ya chaka chimenecho ili ndi moyo.
Mbewu yeniyeniyo simunkaiswa mu Julaye;
inkakhala m'makoko ake, m'chikwa chomata ndi dothi,
kudikira mitambo ya Novembala.
Pa chikwa chimenecho panalibe mwana, mkamwini kapena mlendo
amene ankaloledwa kuikapo dzanja.

Njala ya 1949 idakupezani muli kamtsikana,
ndipo simunkakonda kuikamba, kupatula kunena kuti mudaona akuluakulu akulira masana.
Ya 2002 ndidaiona ndekha.
Anthu ankadya madeya ndi zitsa za nthochi,
amuna ankawoloka malire kukagwira ganyu ku Zambia,
mbuzi zinkagulitsidwa pa mtengo wa nkhuku,
ndipo ambiri amene adakolola kamtedza chaka chimenecho adakadya konse, mbewu yomwe.
Ine ndidakulirirani usiku wina, ndikudziwa kuti m'chikwa muli chakudya.
Mudandifungatira, mudandisisita pamsana ndi chikhatho chokhakhalachi,
mudandipatsa njere zisanu zimene mudasunga pa mfundo ya nsalu,
koma chikwa simudachitsekule.
Mudati, "Mdzukulu wanga, tikadya uyu tadya chaka chamawa."
Ndidakukwiyirani, agogo, ndipo ndidagona chokufulatirani.
Sindinkadziwa kuti inuyo mudagona ndi madzi okha,
ndiponso kuti mvula itabwera, mabanja atatu a mbumba yathu
adadzagwada pa khonde lomweli kupempha kambale ka mbewu,
ndipo manja awa adapatsa onse, osayesa ndi sikelo.

Sindifuna kukometsera zimene zidakupwetekani.
Manja awa adatopa, ndipo usiku wa chisanu munkawaotha pa moto mukubuula,
mukupempha kuti wina akuthireni madzi ofunda pa mfundo.
Ogula ankafika ndi sikelo zawo n'kutchula mtengo ali chiimire,
osafunsa kuti thumba limodzi ladya masiku angati a moyo wanu,
ndipo mtedza wanu unkapita kumizinda imene inu simudaipondepo.
Tidakulonjezani makina oswera, ife ophunzirafe,
chaka chino, chaka chamawa, tikalandira, tikamaliza ngongole,
ndipo inu munkangoti makina amaphwanya mbewu, musavutike.
Kapena munkanena zoona, kapena munkatichotsa manyazi;
mwina zonse ziwiri, pakuti mudali wotero.

Tsiku lojambula lija mudandiitana kuti ndikhale pansi.
Mudati, "Iwe Nabanda, zala zako zaiwala kwawo kodi?"
Ndidaswa kwa kanthawi, chala chidayamba kuwawa,
ndipo mudagwira dzanja langa, mudalitembenuza, mudaliyang'anitsitsa,
chikhatho chofewa cha munthu wogwira choko.
Ndinkayembekeza kuti museka, koma simudaseke.
Mudalisisita pang'onopang'ono ngati mukupukuta njere ya mbewu,
mudati, "Chabwino, n'chimene tinkaswera."
Kenaka mudabwerera ku lichero lanu.

Mudatisiya mu 2019, mtedza uli m'maluwa.
Amayi aang'ono ndiwo adatenga munda wa kudambo, monga mwa mwambo wathu,
adatenganso lichero, ngakhale mkombero wake adaumanganso kawiri.
Sabata yatha anditumizira kathumba pa minibasi ya ku Mchinji,
ndipo nditamasula ndidapeza Chalimbana wosaswa,
dothi lofiira likadali m'makwinya a makoko,
mdzukulu wa mdzukulu wa mbewu ija mudaikaniza m'chaka cha njala.

Usiku uno ndayala nsalu pansi pa chithunzi chanu.
Mwana wanga wamkazi, amene adabadwa inu mutapita,
wakhala pambali panga, akulimbana ndi khoko ndi mano.
Ndamuchotsa mtedzawo pakamwa, ndaika chala chake pa mlomo wa khoko,
ndakanikiza pamodzi naye mpaka lati phwa.
Wakweza mutu, waloza pakhoma, wandifunsa kuti manja aja ndi a yani,
ndipo ndamuuza dzina lanu, Anaphiri,
njere ziwiri zili m'kachikhatho kake.