Labu 3: Nambala za mayinasi, kusefukira ndi kutalikitsa chizindikiro

Rejisitala simasunga chizindikiro cha mayinasi, mumakhala 0 ndi 1 basi. Mabiti 11111011 ndi 251 kwa amene akuwerenga popanda chizindikiro, koma ndi -5 kwa amene akuwerenga ndi chizindikiro. Purosesa sidziwa kuti inu mukufuna iti. Zonse za lero zikuchokera pamenepa.

Mu tuzi komplimenti ya mabiti 8, biti ya kumanzere kwenikweni imaimira -128, osati 128. Nchifukwa chake nambala zimayambira -128 kulekezera 127. Kuti mupeze -5, lembani 5, tembenuzani biti iliyonse, kenako onjezani 1:

```
00000101   5
11111010
11111011   -5 (0xFB)
```

Phatikizani 5 ndi -5 papepala musanakhudze kompyuta. Mabiti 8 onse akhala 0, ndipo 1 atulukira kumanzere. Ubwino wa njirayi ndi umenewu: ziro ndi mmodzi yekha, ndipo kachipangizo kophatikiza kamodzi komweko kamatumikira mawerengedwe onse awiri.

Tsopano lembani izi mu NASM. Mu gdb yendani mzere umodziumodzi ndi `stepi`, mukuona `info registers eflags` pakatha `add` iliyonse.

```
mov al, 100
add al, 50
mov al, 0xFF
add al, 1
```

Koyamba AL, rejisitala ya mabiti 8, ikhala 10010110. Popanda chizindikiro imeneyi ndi 150, yankho lolondola, choncho CF, fulagi yosonyeza kuti 1 watulukira kumanzere, ndi 0. Ndi chizindikiro ndi -106: nambala ziwiri za pulasi zabala ya mayinasi, ndipo OF, fulagi yosonyeza kusefukira kwa nambala zokhala ndi chizindikiro, yayaka. Kachiwiri zitembenuka. 255 kuphatikiza 1 sikukwana m'mabiti 8, CF ndi 1, koma -1 kuphatikiza 1 ndi 0 ndithu, OF ndi 0.

Ambiri amasokoneza mafulagi awiriwa, ndiye muchedwepo apa. CF imanena za mawerengedwe opanda chizindikiro, OF za okhala ndi chizindikiro. Purosesa imakonza onse awiri pa `add` iliyonse, koma siimitsa pulogalamu. Kusankha fulagi yoyenera kuyang'ana ndi udindo wanu. Dziwaninso kuti kuphatikiza ya pulasi ndi ya mayinasi sikungayatse OF.

Posamutsa nambala kupita mu rejisitala yaikulu, mabiti atsopano a kumanzere ayenera kudzazidwa:

```
mov   bl, 0xFB
movsx eax, bl
movzx ecx, bl
```

`movsx` imakopera biti ya chizindikiro m'malo onse atsopano, EAX nkukhala 0xFFFFFFFB, yomwe ikadali -5. `movzx` imathira maziro, ECX nkukhala 0x000000FB, kutanthauza 251. Palibe yolakwa mwa ziwirizi. Cholakwa ndi kusankha yosagwirizana ndi tanthauzo la nambala yanu.

Zoti mupereke labu isanathe: tebulo la AL, CF ndi OF pa 127+1, 0x80+0x80 ndi 0xC8+0x64, mutalemba kaye zomwe mukuyembekezera, kenako zomwe gdb yaonetsa. Pomaliza ikani 0x80 mu AL, yendetsani `neg al`, ndipo fotokozani m'ziganizo ziwiri chifukwa chake AL sinasinthe pomwe OF yayaka.