Phunziro: Kuwerenga nthawi ya koloko ndi ya hafu pasiti

Phunziroli ndi la ana a zaka 6 mpaka 7 amene amawerenga kale manambala kufika 60. Litenga mphindi 35 m'kalasi ya ana 32 okhala anayianayi. Likamatha, mwana aliyense athe kuyang'ana wotchi ya mivi n'kunena ngati ili pa koloko kapena pa hafu pasiti, ndi ola lake lolondola.

Zofunika kukonzeratu

Pakhale wotchi imodzi yeniyeni yokhala ndi kopotokola kumbuyo. Pakhalenso wotchi yaikulu ya katoni, yozungulira, yotambalala masentimita 30. Polemba manambala yambani ndi 12, 6, 3 ndi 9, kenako mudzaze otsalawo, kuti asathinane mbali imodzi. Muvi waufupi ukhale masentimita 7, wautali 12, ndipo isiyane mtundu. Mivi yofanana kutalika imasokoneza ana phunziro lisanayambe n'komwe. Gulu lililonse lilandire makadi 18 a ntchito yofananitsa.

Gawo loyamba: muvi waufupi wokha (mphindi 6)

Chotsani muvi wautali pa wotchi ya katoni. Wonyamula nkhani ya ola ndi muvi waufupi, ndipo mwana akaudziwa bwino umenewu, zotsalazo sizivuta.

Lozetsani muviwo pa 4 penipeni. Funsani: "Ana inu, muvi waloza nambala yanji?" Akayankha, auzeni: "Ukaloza pa nambala penipeni chonchi, timati 4 koloko." Chitani chimodzimodzi pa 9, pa 1 ndi pa 12. Kenako usuntheni pang'onopang'ono kuchoka pa 4 kulowera ku 5, muuimitse pakatikati. Funsani: "Wafika pa 5?" Ayi. "Wadutsa nambala yanji?" Wadutsa 4. Ana abwereze limodzi: "Wachoka pa 4, sunafike pa 5, ola lidakali la 4."

Gawo lachiwiri: nthawi ya koloko (mphindi 6)

Bwezerani muvi wautali, muuike pa 12. Fotokozani kuti umenewu umawerenga mphindi, ndipo ukazungulira kamodzi kuchoka pa 12 kubwereranso pa 12, papita mphindi 60, lomwe ndi ola limodzi. Muvi wautali ukakhala pa 12, nthawi ndi ya koloko, ndipo ola limawerengedwa pomwe waloza waufupi. Onetsani 2 koloko, 7 koloko ndi 10 koloko, n'kumalemba pa bolodi njira zonse ziwiri: 7 koloko, 7:00. Malizani ndi 12 koloko, pomwe mivi imasanjikizana n'kuoneka ngati umodzi.

Gawo lachitatu: nthawi ya hafu pasiti (mphindi 10)

Apa musafulumire. Tengani wotchi yeniyeni, muiike pa 7 koloko. Uzani ana kuti maso awo akhale pa muvi waufupi wokha, inu mukupotokola mpaka wautali ufike pa 6. Funsani zimene aona. Adzati waufupiwo wayendanso, tsopano uli pakati pa 7 ndi 8. Katoni sangaonetse zimenezi, chifukwa mivi yake siyenderana, ukasuntha wina winawo umangokhala.

Tsopano tsatani ulendo wa muvi wautali. Phimbani mbali ya kumanzere ya wotchi ya katoni ndi pepala, kuchokera pa 12 kutsika mpaka pa 6, ana aone kuti muviwo wayenda theka la njira yake. Werengani nawo fayifi-fayifi mukukhudza manambala: pa 1 mphindi 5, pa 2 mphindi 10, kenako 15, 20, 25, pa 6 mphindi 30. Theka la mphindi 60 ndi 30. Nthawiyi ndi hafu pasiti 7, ndipo pa wotchi ya manambala imaoneka 7:30.

Aphunzitseni mafunso awiri oti azidzifunsa nthawi zonse. Loyamba: muvi wautali uli pa 12 kapena pa 6? Lachiwiri: muvi waufupi waloza nambala yanji, kapena wangodutsa kumene nambala yanji? Itanani ana atatu, mmodzimmodzi, adzaike hafu pasiti 3, hafu pasiti 10 ndi hafu pasiti 1 pa wotchi ya katoni, anzawo azitsimikiza ngati mivi yonse iwiri yakhala bwino.

Ntchito yofananitsa (mphindi 13)

Makadi 8 akhale ndi zithunzi za mawotchi, lililonse ndi chilembo chake pakona. Jambulani motere:

A. Waufupi pa 3 penipeni, wautali pa 12.
B. Waufupi pakati pa 7 ndi 8, wautali pa 6.
C. Waufupi pa 6 penipeni, wautali pa 12.
D. Waufupi pakati pa 12 ndi 1, wautali pa 6.
E. Mivi yonse iwiri pa 12.
F. Waufupi pakati pa 2 ndi 3, wautali pa 6.
G. Waufupi pakati pa 6 ndi 7, wautali pa 6.
H. Waufupi pa 9 penipeni, wautali pa 12.

Makadi 10 otsalawo akhale ndi nthawi izi:

hafu pasiti 12 (12:30)
9 koloko (9:00)
hafu pasiti 8 (8:30)
6 koloko (6:00)
hafu pasiti 2 (2:30)
3 koloko (3:00)
hafu pasiti 6 (6:30)
12 koloko (12:00)
hafu pasiti 3 (3:30)
hafu pasiti 7 (7:30)

Werengerani ana malangizo awa: "Yalani makadi a mawotchi mzere umodzi. Mwana mmodzi atenge khadi la wotchi, apeze khadi la nthawi logwirizana nalo, aziike pamodzi, n'kuuza anzake chifukwa chake. Kenako atenge wina. Aliyense achite kawiri. Makadi awiri a nthawi adzatsala opanda mnzake. Mukamaliza, ndionetseni otsalawo."

Mayankho: A ndi 3 koloko, B ndi hafu pasiti 7, C ndi 6 koloko, D ndi hafu pasiti 12, E ndi 12 koloko, F ndi hafu pasiti 2, G ndi hafu pasiti 6, H ndi 9 koloko. Otsala ndi hafu pasiti 8 ndi hafu pasiti 3.

Pomwe ana amalakwitsa

Makadi otsala aja alipo dala. Gulu likatsala ndi hafu pasiti 7 m'malo mwa hafu pasiti 8, ndiye kuti likuwerenga nambala imene muvi waufupi ukupitako, osati imene wachokera. Musangowauza yankho. Chotsaninso muvi wautali, mwanayo ayendetse chala kuchoka pa 12 kutsata manambala mpaka akumane ndi muvi waufupi, anene nambala yomaliza imene chala chadutsa.

Makadi C ndi D akasinthanitsidwa, vuto ndi kusiyanitsa mivi. Pa mawotchi onse awiri mivi imakhala ngati yaima m'mwamba ndi pansi, choncho mwana wongoyang'ana mwachangu amaona chithunzi chimodzi. Akhudze muvi waufupi poyamba asananene kalikonse. Khadi D limavutanso chifukwa pambuyo pa 12 pamabwera 1, osati 13.

Pa khadi G ena amati 6 koloko poona mivi yonse ili chakumunsi. Afunseni funso loyamba lija, la komwe kuli muvi wautali. Ndipo mwana akawerenga B kuti "7 ndi mphindi 6", mubwerere naye kuwerenga fayifi-fayifi, chifukwa akutenga manambala a maola ngati a mphindi.

Ntchito ya kunyumba

Mwana aliyense alandire pepala la mawotchi anayi opanda mivi, ajambule 5 koloko, hafu pasiti 5, 11 koloko ndi hafu pasiti 11. Pochonga, yang'anani kwambiri muvi waufupi pa wotchi yachiwiri ndi yachinayi. Ngati wajambulidwa pa nambala penipeni, mwanayo mudzakhale naye pa wotchi yeniyeni musanayambe phunziro la kota pasiti.