Mbiri ya Malemu Bambo Athu, a Phiri

Zikomo mafumu, abusa, akuluakulu a mpingo, adzukulu, ndi inu nonse mwabwera kudzatigwira dzanja. Mawu awa anawalemba m'Chingerezi mwana wawo woyamba, amene ali ku Mangalande ndipo walephera kufika. Tawaika m'Chichewa kuti aliyense amve.

Bambo athu anabadwa mu 1948 kuno ku Bembeke, njala ya 1949 ili pakhomo. Anaphunzira zaulimi ku Colby, ku Chitedze, ndipo anagwira ntchito ya ulangizi zaka 31 ku Linthipe, ku Lobi, kenako kuno kwawo. Dzina lawo lenileni ambiri simulidziwa. Munkangoti “Alangizi”.

Ambiri mukuwakumbukira ali pa njinga yakapalasa, chingwe choyezera atamanga pakaliyala. Akafika pamunda, moni ankapereka atawerama kale pamzere. Ulimi wa Sasakawa utabwera, anthu anawaseka: mbewu imodzi paphando, chimanga chake chichokera kuti? Iwo sanakangane ndi munthu. Analima munda wachitsanzo m'mbali mwa msewu, mizere yotalikirana masentimita 75, mapando masentimita 25, feteleza wokulitsa pobzala, yureya patatha masabata atatu chimanga chitamera. Ankanenetsa kuti feteleza azikwiriridwa, chifukwa yureya wosiyidwa pamtunda amauluka ndi dzuwa, ndipo wogunda phesi amawotcha mbewu. Pofika Epulo, amene ankaseka aja ankabwera okha kudzabwereka chingwe.

Anali munthu wosabisa mawu, zimenezo tisakane. Akapeza chimanga chaikidwa m'matumba chisanaume, ankaluma njere pamaso pa mwini wake n'kumuuza kuti akuweta anankafumbwe. Ena ankakwiya. Koma m'njala ya 2002, anthu akudya gaga ndi zitsinde za nthochi, nkhokwe yawo anaitsekula. Amayi ankaphika phala m'mphika wa pamaliro, ana a m'mudzi muno n'kumandanda ndi timbale tawo pakhonde paja mwakhala azimayi a Chigwirizano. Ena mwa ana amenewo ndi amene akumba manda lero.

Anadwala matenda a kuthamanga kwa magazi zaka zisanu ndi chimodzi. Lachiwiri lapitali anagwa m'dimba akuthirira mbatata ya kachewere, mbali yakumanja inafa ziwalo, ndipo anatisiya Lachinayi m'bandakucha ali kuchipatala, amayi ali pambali pawo. Asiya mkazi, ana asanu, zidzukulu 14 ndi zidzukulutudzi zitatu.

Amayi, mwakhala nawo zaka 52. Tilibe mawu okwanira kukupepesani, koma sitikusiyani nokha.

Ababa, mbewu ya chaka chino munasankha kale, ili pamwamba pa moto m'khitchini monga mumachitira. Mvula ikagwa tidzabzala, ndipo chingwe chanu tidzagwiritsa ntchito. Pitani bwino, a Phiri. Wusani mumtendere.