Yankho pa za malipiro a udindo wa woyang'anira alangizi, Angoniya ndi Tsangano

Mayi Lusiya,

Ndalandira uthenga wanu wa Lachiwiri, ndipo ndathokoza kuti dzina langa lili m'gulu la anthu amene mukufuna kuwatumiza kwa eni ntchito. Ntchitoyi ndikuifuna ndithu. Kuyang'anira alangizi a soya ndi chimanga m'maboma a Angoniya ndi Tsangano ndi ntchito yofanana ndi imene ndakhala ndikugwira kwa zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo magulu ambiri a alimi kuyambira ku Domwe mpaka ku Ntengo wa Mbalame amandidziwa.

Mwafunsa ndalama zimene ndikuyembekezera kulandira pamwezi. Mwaona kale kuti pa fomu ija, pamalo olembedwa "Pretensão salarial", ndinalemba "A negociar". Ndinachita dala, ndipo ndikupempha kuti pakhale choncho mpaka nditakumana ndi eni ntchito. Ngakhale waganyu satchula mtengo asanauyendere munda. Chikalata cholengeza ntchitoyi chinali chachifupi, ndipo pali zinthu zingapo zimene sichinanene zomwe zikhoza kukweza kapena kutsitsa kwambiri ndalama imene ingakhale yoyenera. Nditatchula nambala lero, ndikhala ndikungolota, ndipo mawa tidzavutika tonse kuibweza.

Chachikulu ndi malo okhala. Chikalatacho chikuti ofesi ili mumzinda wa Tete koma ntchito ili kumapiri kuno. Kodi munthuyu azikhala kuti? Ine ndili ndi nyumba yanga ku Ulongwe, ana amaphunzira konkuno, ndipo chakudya chambiri chimachokera m'munda mwathu. Ngati ndizikhala kuno n'kumapita ku Tete pa misonkhano ya pamwezi, imeneyo ndi nkhani ina. Ngati akufuna kuti ndisamukire mumzinda, inu mukudziwa bwino kuposa ine mmene lendi ya nyumba inakwerera chifukwa cha migodi ya malasha ya ku Mowatizi, ndipo ndi kutentha kwa kumeneko magetsi sachedwa kutha. Mbatatesi ndi kabichi zimene kuno timazula kuseri kwa nyumba, kumeneko n'zogula. Malipiro amene ali abwino ku Ulongwe akhoza kutha mwezi usanafike pakati ku Tete. Choncho ndikufuna kudziwa ngati pali nyumba ya kampani kapena ndalama ya nyumba, komanso ngati ili mkati mwa malipiro kapena ili payokha.

Nkhani ina ndi ya mayendedwe. Ntchito ya mtundu umenewu imagwiridwa panjinga yamoto, ndipo nthawi ya dzinja misewu ya ku Tsangano imadya matayala, tcheni ndi mafuta kuposa mmene munthu wa mu ofesi angaganizire. Njingayo ndi ya kampani? Mafuta amapereka malita angati pamwezi, ndipo ikawonongeka amakonzetsa ndani? Ndaonapo anzanga akusangalala ndi malipiro ooneka aakulu, kenako n'kupeza kuti gawo lalikulu likuthera pa mafuta a ntchito ya eni ake. Chimodzimodzinso ndalama yogonera ndi kudyera munthu akagona kumudzi nthawi yogula mbewu.

Mundifunsirenso kukula kwa ntchito. Alangizi amene ndiziwayang'anira ndi angati, ndipo alimi olembedwa ndi angati? Pafoni munatchulako za Furankungo, likulu la boma la Makanga. Ngati boma la Makanga lilinso m'manja mwa munthu yemweyu, ndiye kuti maboma ndi atatu, osati awiri monga zinalembedwera. Ndikufunanso kudziwa ngati woyang'anirayu ndi amene adzayankhe za ngongole ya mbewu ndi feteleza. Kuno kumalire imeneyi si nkhani yaing'ono. Mitengo ikakwera tsidya la Malawi, mlimi amene anatenga zipangizo pangongole amatha kukweza matumba panjinga usiku n'kukagulitsa kwa mavenda, ndipo amene amafunsidwa ndi mlangizi ndi womuyang'anira. Ndimadziwa kuchepetsa vutoli, makamaka pogwira ntchito ndi mafumu ndiponso kutsegula misika msanga mbewu zikangouma, koma udindo woterowo uyenera kuoneka pa malipiro. Ngati pali bonasi yotengera matani ogulidwa kapena ngongole yobwezedwa, ndingakonde kuona mmene amawerengera.

Pali zinanso zazifupi. Kontalakiti ndi ya nyengo imodzi kapena yopanda malire? Nthawi yoyeserera ndi yaitali bwanji, ndipo malipiro amasintha ikatha? Amapereka malipiro a mwezi wa 13? Nanga chithandizo cha kuchipatala chimafika kwa mkazi ndi ana? Zina mwa izi zili kale m'Lamulo la Ntchito la nambala 13/2023, koma makampani amasiyana pa zimene amawonjezera pamwamba pake.

Tsono pempho langa ndi ili. Eni ntchito sanakutumeni opanda bajeti, ndipo ndikukhulupirira kuti anakuuzani pamene malipiro a udindowu akuyambira ndi pamene akulekezera. Mukandiuza malire amenewo, ndidzakuyankhani tsiku lomwelo ngati tili pafupi kapena ayi. Ngati tili kutali kwambiri ndidzanena mosabisa, kuti musataye nthawi yanu ndi ya mabwana. Pondiuzapo munene ngati ndalamazo ndi zonse asanadule kapena ndi zolowa m'thumba. Pa malipiro amadulapo 3 peresenti ya INSS, kampani n'kuwonjezera 4 peresenti yake, kenako msonkho wa IRPS. Anthu awiri akhoza kugwirizana pa nambala imodzi ya metikali, wina akuganiza za ndalama asanadule, wina akuganiza za imene idzalowe kubanki, n'kudzakangana pa malipiro oyamba.

Mwafunsanso kuti pano ndikulandira zingati, komanso kuti nditumize kapepala ka malipiro ka mwezi watha. Pepani Mayi, chimenecho sinditumiza. Ndi mgwirizano wa ine ndi amene ndikuwagwirira ntchito panopa, komanso kumene ndiliko ndimayang'anira boma limodzi lokha ndipo sindigwira ndalama zogulira mbewu. Ntchito yatsopanoyi ndi yokulirapo, choncho malipiro akalewo sangakhale poyambira. Ngati chofunika n'kutsimikiza kuti ndinagwiradi ntchito kumene ndinalemba, makalata a umboni ndili nawo, ndipo mabwana anga awiri akale avomera kuti muwaimbire. Satifiketi ya sukulu ya zaulimi, laisensi ya njinga yamoto ndi nambala ya NUIT ndatumiza kale pamodzi ndi fomu.

Ndikudziwa kuti mwina eni ntchito amakukakamizani kuti dzina lililonse lipite ndi nambala pambali pake. Ngati ndi choncho, alembereni kuti ndili wokonzeka kukambirana mkati mwa malire amene iwo anaika pa udindowu, malinga ndi zimene adzanene za nyumba, mayendedwe ndi chiwerengero cha maboma. Akaumirirabe, ndiimbireni tikambirane pakamwa. Ndikadzakumana nawo n'kumva mayankho a mafunso ali pamwambawa, ndidzakulemberani nambala yanga pasanathe tsiku limodzi, ndipo ndidzafotokoza mmene ndaipezera.

Sabata yamawa ndingathe kutsikira ku Tete Lachinayi kapena Lachisanu. Mungondidziwitsa kudakali masiku awiri kuti ndipemphe chilolezo kuntchito, ndipo ngati n'kotheka nthawi ikhale ya masana, chifukwa ndidzanyamuka ku Ulongwe m'mawa wa tsiku lomwelo. Ngati mabwana akonda kuyamba ndi kucheza pafoni, madzulo alionse kuyambira 5 koloko ndimakhala ndili pamalo pamene netiweki imagwira bwino. Akandilemba ntchito, ndidzafunika kupereka chidziwitso cha masiku 30 kumene ndili, zomwe zingandilole kuyamba kalembera wa alimi asanatsekedwe.

Zikomo kwambiri,

Zakariya
Ulongwe, Angoniya