Yankho la funso la pachithunzi: K250,000 pa chiwongoladzanja chobereka chinzake

Chithunzi chomwe mwatumiza chili ndi mthunzi chakumanja, koma manambala akuwerengeka. Funso likuti mlimi wa ku Santhe, m'boma la Kasungu, wagulitsa soya ndipo wasunga K250,000 kubanki kwa zaka 3. Chiwongoladzanja ndi 12% pachaka, cha kompaundi. Gawo loyamba likufuna ndalama zonse pakutha pa zaka zitatuzo, lachiwiri likufuna chiwongoladzanja chokha, lachitatu likufunsa zomwe angapeze banki ikamawerengera pa miyezi 6 iliyonse.

Yambani ndi kulemba zomwe mwapatsidwa: P = 250,000, r = 12, n = 3. Kenako fomula, ndipo muilembe ndithu, wochonga aone njira yanu.

```
A = P(1 + r/100)^n
A = 250,000(1.12)^3
A = 250,000 × 1.404928
A = K351,232
```

Apa ndi pomwe ambiri amagwera. 1.12 ija simuchulukitsa ndi 3 ayi, ndi 1.12 × 1.12 × 1.12. Mukachulukitsa ndi 3 mupeza 3.36, yankho n'kutuluka K840,000, ndalama zoti 12% singabereke m'zaka zitatu. Musadulenso 1.404928 kukhala 1.4, chifukwa mupeza K350,000, ndiye kuti K1,232 yatayikira m'njira. Kudula madesimo kudikire mzere womaliza.

Kuti mutsimikize, yendani chaka ndi chaka. Chaka choyamba 12% ya K250,000 ndi K30,000, ndalama zifika K280,000. Chachiwiri 12% mukuitenga pa K280,000, osatinso pa mpamba woyamba uja, ndipo ndi K33,600, zifika K313,600. Chachitatu K37,632, zifika K351,232. Zagwirizana. Onani mmene chiwongoladzanjacho chikukulira chaka chilichonse, chifukwa chiwongoladzanja cha chaka chatha nachonso chikubereka. Chikanakhala cha simpo, bwenzi ili K30,000 chaka chilichonse, K90,000 yonse pamodzi.

Gawo lachiwiri ndi kuchotsera chabe, koma ena amaiwala n'kulembanso A.

```
I = A − P = 351,232 − 250,000 = K101,232
```

Gawo lachitatu lifuna kusintha zinthu ziwiri nthawi imodzi. Pachaka banki ikuwerengera kawiri, choncho 12% tiigawa pawiri kukhala 6%, ndipo m'zaka 3 muli magawo 6 a miyezi isanu ndi umodzi.

```
A = 250,000(1.06)^6
A = 250,000 × 1.418519112
A = K354,629.78
```

Mukasintha r n'kusiya n ili 3, mupeza K297,754, yocheperapo kuposa ya gawo loyamba. Chimenecho chikhale chizindikiro choti mwaphonya, pakuti kuwerengera pafupipafupi kumakweza ndalama. Apa mlimiyu wapindulanso K3,397.78. Lembani K kutsogolo kwa yankho, ndipo matambala akhale manambala awiri pambuyo pa kadontho.