Zaka 34 lero, ndili ku Glasgow, ku Scotland

Lero ndakwanitsa zaka 34. Chithunzichi ndadzijambula ndekha, foni nditayitsamiritsa pa ketulo, ndiye musafunse chifukwa chake mutu wadukako pang'ono. Keke mukuyionayo ndagula ndekha potuluka ku ntchito m'mawa, kandulo ndayatsa ndekha, nyimbo ndaimba ndekha, ndipo m'manja ndawombanso ndekha. Ndaseka, kenako ndalira, kenako ndadya. Inali yokoma ndithu.

Ndikulemba ino ndi 4 koloko masana koma kunja kwada kale bii. Disembala wa kuno ndi wotero: kumacha mochedwa cha m'ma 8 koloko, dzuwa likangosuzumira pang'ono basi lapita. Kwathu ku Mulanje pano ndi 6 koloko madzulo, ndipo ndikudziwa mmene kulili. Mvula yagwa, chimanga chamera, ana akuthamangitsa ngumbi, mango ali mbwee mpaka ena akuolera pansi. Kuno bango limodzi lokha ndimaligula ndalama yoti kwathu nkudzaza beseni, ndipo ukalidya sulimva kanthu mkamwa.

Ndikudziwa ena muwerenga izi nkunena kuti, “Iwe uli kunja, ukudandaula chiyani?” Sindikukutsutsani. Ntchito ndili nayo, magetsi sazima, madzi otentha amatuluka pampopi, mwezi ukatha malipiro amalowa. Koma ndiloleni lero lokha ndinene zoona: ndasungulumwa. Kuno munthu utha kukhala sabata yathunthu wopanda wokuodira pakhomo. Woyandikana naye nyumba timapatsana moni wa mano okha pa masitepe, dzina lake ndimaliwerenga pa makalata ake. Ukadwala umadziphikira wekha phala. Ukamva za maliro kumudzi, umalira m'bafa, nkusamba kumaso, nkuvala yunifolomu kukakwera basi, chifukwa shifiti siyidziwa zoti amalume ako akuikidwa lero. Maliro a amalume ndinawaonera pa foni, netiweki ikudukaduka, ndipo mpaka pano mtima wanga sunavomereze kuti anapitadi.

Chondipweteka koposa ndi mwana wanga. Pamene ndinkabwera, malamulo a dziko lino anali atasintha kale: kuyambira mu Malichi 2024, obwera kudzagwira ntchito yosamalira okalamba saloledwanso kubwera ndi mabanja awo. Ndinadziwa zimenezi ndisanakwere ndege ku Chileka, ndipo ndinasankha ndekha. Palibe anandikakamiza. Komabe kudziwa sikuchepetsa ululu. Ndinamusiya ali ndi mano a mkaka, lero pa vidiyo wandionetsa mano akuluakulu akutsogolo, ndipo akuti tsopano amatha kuphika nsima ya anthu atatu. Wamuphunzitsa ndi agogo ake. Ine mayi wake ndamva ngati nkhani.

Mwana wanga, ukadzakula nkudzawerenga izi, udzadziwe kuti sindinakuthawe. Yunifolomu yako, nsapato zako, fizi yako, zonsezo ndi mmene ndikukukumbatirira kuchokera kuno. Kalata imene wandilembera ndipo amalume ako aijambula nkunditumizira ndayiwerenga mpaka ndailoweza. Walemba kuti ndibwere ndi chipale chofewa m'botolo. Tidzakambirana.

Amayi, inu ndiye ndilibe mawu. Munalera ife asanu bambo atatisiya, mukuthyola tiyi ku esiteti, dengu kumsana kuyambira mbandakucha, ndipo pamene munayenera kupuma ndakusenzetsaninso mdzukulu. Simunadandaulepo. Lero mwandiimbira nthawi ya kuno isanakwane 5 koloko m'mawa, poti inu za kusiyana kwa maola simuzilabadira, nkundiuzanso nkhani ija ya chaka chilichonse: mmene mvula inagwera tsiku limene ndinabadwa, mtsinje utadzaza, bambo akukukankhani pa njinga kupita kuchipatala. Kale ndinkati, “Amayi, tinaimva kale imeneyo.” Lero ndakupemphani kuti muibwereze. Mulungu akusungeni, ndidzakupezeni muli ndi mphamvu. Mankhwala a BP aja muzimwa tsiku lililonse, osati pokhapokha mutu ukamapweteka.

Achimwene, zikomo poyang'anira nyumba ija. Ndaona zithunzi, malata akwera. Ambiri kuno amalira kuti anatumiza ndalama zaka ndi zaka nkukapeza maziko okhaokha atamera udzu. Ine ndili ndi mlongo amene amanditumizira lisiti ngakhale la misomali. Simenti yakwera mtengo, kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 ndipo zinthu sizinabwererenso, koma inu simunandibere ngakhale tambala. Alamu anga, zikomo pomuluka tsitsi mwana uja ngati wanu.

Ndithokozenso anthu a kuno, poti si bwino kungonena za kuzizira. Agogo amene ndimawasamalira ambiri amaiwala zinthu, ena sakumbukira ngakhale ana awo. Koma usiku wathawu gogo wina wa zaka zoposa 90, atamva anzanga akundifunira zabwino, anandigwira dzanja nkundiimbira nyimbo yonse ya tsiku lobadwa osaphonya liwu. Mawa sadzandidziwa. Ine sindidzaiwala. Ntchitoyi ndi yolemetsa, kusambitsa, kudyetsa, kutembenuza munthu pabedi usiku kuti asachite zilonda, ndipo msana umamva. Koma ndikamawapesa tsitsi ndimaganiza za amayi, nkupempha kuti nawonso tsiku lina adzagwiridwe ndi manja ofatsa.

Anzanga a ku Zimbabwe, Nigeria ndi Kerala wa ku India amene timagwira limodzi usiku, zikomo chifukwa cha khadi ndi mpunga wa tsabola uja unanditulutsa misozi. Tonse tili ndi ana pa foni, ndiye timamvana popanda kufotokoza zambiri. Amalawi anzanga a ku Scotland kuno, inu amene munandilandira ndili ndi chikwama chimodzi ndi juzi yosathandiza, munandipatsa jekete, munandionetsa sitolo yogulitsa ufa, munandiphunzitsa kukwera sitima: Mulungu akubwezereni. Achemwali amene munabwera ndi usipa ndi nandolo kuchokera kumudzi mwezi watha nkundigawirako, dziwani kuti usipawo ndimauwerenga podya, ndipo lero ndi tsiku lake. Aneba apirire fungo.

Tsiku lina nditatopa ndi kukhala m'nyumba ndinakwera sitima kupita ku Blantyre wa kuno, kumene anabadwira David Livingstone mu 1813. Ndi pafupi ndi Glasgow. Ndinatsika, ndinaona chikwangwani, ndinadzijambula. Kunalibe minibasi, kunalibe woitanira za ku Limbe, kunalibe wogulitsa chimanga chootcha. Ndinayenda m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, ndinabwerera. Koma ndinasangalala kumva okalamba angapo akunena kuti mpingo wawo uli pa ubale ndi mpingo wina wa kwathu, ndipo mmodzi anandipatsa moni wa “Muli bwanji”. Ndinatsala pang'ono kumukumbatira.

Kwa Mulungu ndikuti zikomo. Ndili moyo, ndili ndi thanzi, mwana ali pa sukulu, amayi akudya. Ndikumupempha chinthu chimodzi chaka chino: tchuthi ndi ndalama ya tikiti zikumane, ndikadye Khirisimasi ya chaka chamawa pakhonde la amayi, phiri la Mulanje ndikuliona ndi maso.

Nonse amene mwalemba, mwaimba, mwatumiza mavesi, ndaona ndipo ndiyankha pang'onopang'ono, chifukwa usiku uno ndikulowanso ntchito. Inu amene mwayamba ndi mafuno abwino nkumaliza ndi nambala ya Mpamba, ndakuonaninso, tidzalankhula mwezi ukatha. Achimwene, ikani foni pa tchaja, ndiimba 8 koloko ya kwanu, ndipo mwanayo asagone.